Dola Yakale Si Dola Yachinyengo

Ambiri mwa ife tikamakonzekera ulendo wa ku Hajji timagula madola a ku Amereka. Apa mpamene pamabuka mikangano. Munthu akaona kuti pepala lake la madola 100 likusiyana ndi la mnzake, amathamangira kunena kuti m'bale amene wamugulitsa ndi wakuba.

Tidziwe kuti ndalamayi yakhala ikusinthidwa maonekedwe. Yakale, yomwe idatuluka chisanafike chaka cha 1996, ili ndi nkhope yaing'ono ya Benjamin Franklin pakati. Ya 1996 ili ndi nkhope yaikulu, ndipo tikaikweza poyera timaona nkhope ina yobisika kudzanja lamanja. Mzere wabuluu umene tidauzolowera udayamba mu 2013. Choncho tikaufuna mzerewu pa ndalama ya 1996 sitiupeza, chonsecho ndalamayo ndi yeniyeni. Boma la Amereka silidathetse ndalama zakalezi.

Chinanso, madola amasindikizidwa m'mafakitale awiri, ku Washington ndi ku Fort Worth. Ochokera ku Fort Worth ali ndi timalemba FW kutsogolo kwake, pamene enawo alibe.

Tikakayika, tiwerenge chaka cholembedwa pambali pa mawu akuti Series, kenaka tifanizire ndi ndalama ya chaka chomwecho, kapena tikaonetse kubanki. Osintha ndalama ena amakana yakale pongoopa kunyengedwa, koma kukanako si umboni woti njachinyengo.

Surat Al-Hujurat imatichenjeza za kuganizirana zoipa. Tiyambe tafufuza tisanaipitse mbiri ya m'bale wathu.