Kusiyanitsa Miyala Iwiri Yoyera: Kwotsi ndi Kalasaiti

Mphunzitsi amene atuma ana a ku Kauma kuti akatole miyala ya phunziro la chilengedwe adzaona kuti pa gome pake pachuluka miyala yoyera. Nthaka ya Lilongwe yakhala pa thanthwe lakalekale, ndipo m'thanthwelo mumadutsa mitsempha ya mwala wolimba wotchedwa kwotsi. Thanthwe likafumbutuka, kwotsi amatsala m'minda ndi m'makwalala, ndipo nsangalabwi zambiri za kumtsinje ndi mwala womwewu. Koma ulipo mwala wina woyera, dzina lake kalasaiti, umene uli thupi la miyala ya laimu, monga ya m'mapiri a Chenkumbi ku Balaka, ndi ya ku Changalume kufupi ndi Zomba, kumene kale ankakumba mwala wopangira simenti. Pa maso iwiriyi ifanana, koma ntchito zake zisiyana kutali. Wotentha kalasaiti amapeza laimu, ndipo ufa wake umachepetsa asidi m'nthaka ya kumunda. Wotentha kwotsi angotaya nkhuni zake, ndipo fumbi lake likapumidwa zaka zambiri limawononga mapapo a oswa miyala. Tsono tiyeni tione mayeso atatu amene mphunzitsi angathe kuchita popanda zipangizo za mtengo wapatali.

Yeso loyamba ndi la kulimba. M'chaka cha 1812 Mjeremani wina, Friedrich Mohs, anandandalika miyala 10 kuyambira wofewa kufikira wolimba koposa, kotero kuti uliwonse umakanda umene uli pansi pake. Pa mndandandawo kalasaiti ali pa 3 ndipo kwotsi ali pa 7. Chikhadabo cha munthu chili pa 2.5, pamene mpeni wamba ndi galasi zili pafupi ndi 5.5. Potero mpeni ugwera pakati pa miyala yathu iwiri: ukanda kalasaiti mosavuta, koma ulephera pa kwotsi. Gwirani mwala pa gome, sankhani malo oyera osalala, ndipo kokani nsonga ya mpeni mokanikiza, moloza kutali ndi zala. Mukatero tembenuzani yesolo: kandani botolo lagalasi ndi ngodya ya mwalawo. Kwotsi alemba galasi, kalasaiti angotereraka.

Apa pali msampha umene umakola ambiri. Mpeni ukadutsa pa kwotsi umasiya mzere wotuwa, ndipo mwana afuula kuti mwala wakandika. Mzerewo ndi chitsulo cha mpeni chimene chaperesekera pa mwala. Chimodzimodzinso kalasaiti asiya ufa wake woyera pa botolo, ngati kuti walikanda. Lamulo lake nali: pukutani ndi chala chonyowa, kenaka papasani ndi chikhadabo. Kukanda kwenikweni ndi kangalande kamene chikhadabo chimakodwamo.

Yeso lachiwiri ndi la mzere, ndiko kuona mtundu wa ufa wa mwala. Akatswiri amakhuta mwala pa kambale kadothi koyera kosapaka zonyezimira, ndipo ife tingagwiritse ntchito mkombero wokhakhala wa pansi pa kapu yadothi. Kalasaiti, pokhala wofewa, asiya mzere wa ufa woyera wooneka bwino. Kwotsi alimba mofanana ndi kambaleko kapena kukaposa pang'ono, motero sasiya ufa wake weniweni. Amangokala, ndipo kaufa kamene muona kangakhale ka kambale komweko. Dziwani tsono malire a yesoli: ufa wa miyala yonse iwiri ndi woyera, choncho mtundu wa mzere paokha sungathe kuweruza mlanduwu. Phindu lake ndi kutiphunzitsa kusakhulupirira maonekedwe akunja. Kwotsi wofiirira wa ku Mzimba ndi kalasaiti wachikasu, onsewo akaperedwa ufa wawo uyera.

Yeso lachitatu, la asidi, ndilo lotsiriza mkangano. Kalasaiti ndi CaCO₃, ndipo asidi akamukhudza amatulutsa mpweya wa kaboni dayokosaidi, umene uoneka ngati thovu. Kwotsi ndi SiO₂, ndipo asidi wofooka samuchita kanthu. Ofufuza miyala amanyamula asidi wa hayidirokoloriki wosungunulidwa, wa magawo 5 kufikira 10 pa 100, amene awiritsa kalasaiti nthawi yomweyo. M'kalasi la ana viniga wa m'sitolo akwanira, ndipo madzi a ndimu athandizanso. Asidi wa m'batire ya galimoto musamuyandikize kwa ana, pakuti amatentha khungu ndi kuchititsa khungu m'maso. Popeza viniga ndi wofooka, thovu lake ndi laling'ono ndi lochedwa. Palani mwala ndi mpeni kuti patuluke kaufa, donthezanipo dontho limodzi, ndipo yang'anitsitsani mphindi yathunthu. Musanayambe, yesani vinigayo pa chigoba cha dzira kapena cha nkhono, pakuti nazonso ndi CaCO₃. Chigoba chikapanda kuchita thovu, vinigayo ndiye wasukuluka. Choko cha pa bolodi sichiyenera pa ntchito imeneyi, chifukwa choko chambiri amapanga ndi mwala wina umene suwira.

Tiyerekeze kuti pa gome pali miyala itatu yoyera. Woyamba watoledwa m'munda wa chimanga. Mpeni usiyapo mzere wotuwa umene ufufutika, mwalawo ulemba botolo, ndipo viniga akhalapo chete. Pamene unasweka pali mopindika ngati pa botolo losweka. Ameneyu ndi kwotsi.

Wachiwiri wabwera ndi mwana amene kwao ndi ku Balaka. Chikhadabo chilephera, koma mpeni ukumba kangalande ndi kutulutsa ufa. Pa kapu usiya mzere woyera, ndipo ufa wake uchita thovu m'viniga. Poyang'ana padzuwa muona timbali tosalala tong'anima, chifukwa kalasaiti amang'ambika motsata njira zitatu, ndi kupanga tizidutswa tonga bokosi lopendekeka. Ameneyu ndi kalasaiti. Ufawo ukadawira mozengereza kwambiri, tikadaganizira mbale wake wotchedwa dolomaiti, amene amapezekanso m'miyala ya laimu.

Wachitatu ndiye wovuta. Watoledwa pa malo pamene anagwetsa chipupa. Ulemba galasi monga kwotsi, komanso uchita thovu monga kalasaiti. Kodi mayeso athu anama? Iyayi. Ukutani mwalawo m'chiguduli, uphwanyeni ndi hamala, ndipo donthezani viniga m'kati moyera. M'katimo mukhala chete. Chimene chinawira ndi simenti yakale yomatirira kunja, pakuti simenti ndi laimu zikakhalitsa pa mpweya, pamwamba pake pamasanduka CaCO₃. Mwalawo ndi kwotsi wovala malaya a mnzake. Nthawi zina mwala wouma wa timabowo umatulutsanso tithovu tochepa, koma umenewo ndi mpweya wothawa madzi. Dontho la madzi wamba lichita zomwezo, ndipo msanga zileka.

Pophunzitsa, tsatani dongosolo ili: tsukani mwala ndi kuuumitsa, yesani kulimba, kenaka mzere, ndipo asidi potsiriza, pa malo ophwanyidwa chatsopano. Ana ajambule m'makope mwao mizere itatu, alembe zimene aona pa yeso lililonse asanatchule dzina la mwala. Mayeso akatsutsana, monga pa mwala wachitatu uja, musawauze yankho. Afunseni kumene anautola, ndipo muwapatse chiguduli ndi hamala.