Nthawi Zikasuntha Seva Itasamutsidwa

Mu MySQL, gawo la TIMESTAMP limasunga nthawi mu UTC ndipo limaisintha poiwerenga, kutengera chigawo cha nthawi chimene seva ikutsatira. Gawo la DATETIME limasunga manambala monga momwe analembedwera.

Vuto limaoneka seva yotsatira nthawi ya ku Malawi, yomwe ili patsogolo pa UTC ndi maola awiri, ikasamutsidwira ku makina otsatira UTC. Malipiro olembedwa 08:00 amayamba kuoneka ngati a 06:00, ndipo a 01:00 usiku amagwera pa dzulo lake. Chizindikiro chake n'chakuti mizere yonse yasuntha mofanana, pamene DATETIME sinasinthe.

Zosungidwazo sizinawonongeke, choncho kuwonjezera maola pamanja n'kulakwitsa. Chofunika kukonza ndi time_zone ya sevayo, kuibwezera pa '+02:00'.