Dzina, malo ndi chomangira: mumalipira chiyani mukafuna webusaiti?

Munthu akanena kuti wagula webusaiti, nthawi zambiri amakhala walipira zinthu zitatu zosiyana osadziwa. Walipira dzina lomwe anthu amalemba kuti ampeze, walipira malo osungirako zithunzi ndi mawu ake, walipiranso chida chokonzera masambawo. Zili ngati sitolo: pali dzina la pachikwangwani, pali chipinda cha lendi, palinso mmisiri woyala mashelefu. Makampani ambiri amagulitsa zonsezi pa risiti imodzi, n'chifukwa chake anthu amaziyesa chinthu chimodzi. Koma tsiku limene china chavuta m'pamene mumafunika kudziwa kuti chavutacho n'chiti.

Tiyerekeze mayi wina wosoka zovala ku Zomba, yemwe akufuna kuti makasitomala ake a ku Lilongwe ndi ku Joni aziona masitayilo ake. Wasankha dzina loti telalawathu.com, longopeka kuti tiphunzirirepo. Dzina lotere ndilo domeni. Amapita kwa kampani yolembetsa mayina, monga Namecheap kapena GoDaddy, n'kufufuza ngati wina sanalitenge kale. Likakhala kuti lilibe mwini amalipira, ndipo dzina lothera ndi .com nthawi zambiri limakhala pakati pa madola 10 ndi 20 pachaka. Akadafuna lothera ndi .mw, lomwe ndi la Malawi monga .zm lilili la Zambia, mtengo ndi malamulo ake zikadakhala zina.

Apa pali zoti mumvetsetse. Domeni simugula mpaka kalekale, mumachita kubwereka. Mutha kulipiriratu zaka zingapo, ndipo pa .com malire ake ndi zaka 10, koma nthawiyo ikatha muyenera kulipiranso. Chinanso, dzina palokha lilibe kanthu m'kati. Mayi uja atalipira, munthu akalemba telalawathu.com sapeza diresi ngakhale imodzi, chifukwa zithunzizo sizinaikidwe paliponse.

Malo oziikawo ndiwo hositing'i. Pali makompyuta amphamvu otchedwa maseva, omwe amakhala oyaka usana ndi usiku ali pa intaneti, ndipo kampani ya hositing'i imakubwereketsani kagawo ka seva yake. M'menemo mumasunga masamba, zithunzi, mwinanso maimelo. Kwa bizinesi yaing'ono, kugawana seva imodzi ndi mawebusaiti ena ambiri n'kokwanira ndiponso kotchipa. Kuipa kwake n'kwakuti mnzanu wa pa seva yomweyo akachulukidwa alendo, masamba anu nawo amatha kuchedwa kutseguka.

Nanga dzina ndi malo zimakumana bwanji? Seva iliyonse ili ndi nambala yake, monga 203.0.113.10, ndipo makompyuta amapezana ndi manambala otere, osati mayina. Ntchito yomasulira dzina kukhala nambala imagwiridwa ndi dongosolo lotchedwa DNS. Mayi wathu amalowa mu akaunti yake kumene analembetsa dzina, n'kupeza gawo lolembedwa DNS, n'kuikamo mzere wonga uwu:

```
telalawathu.com   A   203.0.113.10
```

Mzerewu ukungonena kuti aliyense wofuna dzina ili atumizidwe ku seva ya nambala iyi. Makampani ena sakupatsani nambala, amakupatsani mayina awiri oti mulembe pamalo otchedwa nameservers, koma cholinga n'chomwecho. Mukasintha musathamangire kudandaula: nthawi zina zimagwira m'mphindi zochepa, nthawi zina zimatenga tsiku limodzi kapena awiri kuti aliyense aone zatsopanozo.

Tsopano dzina lilipo, malo alipo, koma masamba akonza ndani? Pali njira ziwiri, ndipo ambiri amasokonezeka pomwepa. Yoyamba n'kuika pulogalamu monga WordPress, yomwe inayamba mu 2003 ndipo ndi yaulere, pa hositing'i yomwe mwalipira kale. Yachiwiri n'kugwiritsa ntchito chomangira webusaiti monga Wix kapena Squarespace, pomwe mumasankha kamangidwe kokonzedwa kale, n'kumakoka zithunzi ndi mawu kuziika pomwe mukufuna, popanda kulemba malamulo a kompyuta. Chomangira chotere chimabwera ndi hositing'i yakeyake. Choncho amene walipira Wix asalipirenso hositing'i kwina, kumeneko n'kutaya ndalama. Chimene akufunikabe ndi domeni, apo ayi adiresi yake idzakhala yaitali, yonyamula dzina la kampaniyo.

Chomangira chimapeputsa ntchito, ndipo kwa telala wofuna masamba asanu okha ndi nambala ya foni, ine ndingamuuze kuti ayambire pamenepo. Koma adziwe mtengo wobisika: webusaiti yomangidwa pa Wix simungainyamule yathunthu kupita nayo ku kampani ina. Mukafuna kuchoka mumatenga mawu ndi zithunzi zanu n'kukamanganso. Ya WordPress imasamuka yonse, kungoti imafuna kuisamalira, kuika zosintha zatsopano ndi kusunga makope, ntchito yomwe ambiri amaiwala mpaka akuba a pa intaneti atalowa.

Kudziwa zitatuzi kumathandiza kwambiri zinthu zikavuta. Mukatsegula webusaiti pa Chrome n'kuona mawu oti DNS_PROBE_FINISHED_NXDOMAIN, ndiye kuti dzinalo silikupezeka: mwina mwalilemba molakwika, mwina nthawi yake yatha, mwina mzere wa DNS uja wasokonezeka. Mukaona tsamba lonena kuti Account Suspended, dzina lili bwinobwino, vuto lili ku hositing'i, kawirikawiri chifukwa cha ngongole. Masamba akamatseguka koma zithunzi zili balalabalala, pitani ku chomangira kapena kwa amene anakukonzerani. Mukatero simutaya tsiku lonse mukuimbira kampani yolakwika.

Pa zitatuzi, chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi dzina. Hositing'i mutha kusintha mawa, masamba mutha kumanganso, koma dzina likapita lapita ndi zonse zimene munalisindikizapo: makadi, zikwangwani, risiti, komanso maimelo onse othera ndi dzinalo. Limatayika m'njira ziwiri. Yoyamba n'kuiwala kulipira. Malipiro ambiri amakhala a madola, ndipo khadi la ku banki likakana kapena likatha nthawi, uthenga wochenjeza umapita ku imelo yomwe mwina simuitsegulanso. Dzina la .com likatha nthawi, makampani ambiri amapereka kanyengo koti mulipire pa mtengo wamasiku onse. Kenako pamabwera masiku 30 oliwombola pa mtengo wokwera kwambiri, ndipo masiku ena asanu akadutsa limamasulidwa kuti aliyense alitenge.

Njira yachiwiri ndi yopweteka kuposa apa. Mayi uja wapatsa ntchito mnyamata wodziwa makompyuta, mnyamatayo n'kulembetsa telalawathu.com pa dzina lake ndi imelo yake. Kwa kampani yolembetsa, mwini wake ndi mnyamatayo, ngakhale ndalama zinachokera m'thumba la mayi. Akasemphana mawu, kapena mnyamatayo akapita kunja foni n'kusintha, mayi sangathe kulipira, kusintha DNS, kapena kusamutsa dzinalo, poti kusamutsa kumafuna nambala yachinsinsi yomwe imaperekedwa kwa mwini akaunti yekha.

Ngati muli ndi webusaiti kale, funsani lero amene anakukonzerani kuti domeni inalembetsedwa ku kampani iti, pa imelo ya ndani, ndipo ithera tsiku liti. Ngati mukuyamba kumene, tsegulani nokha akaunti yolembetsera dzina, ndi imelo yanu ndi pasiwedi yanu, kenako muitane wokuthandizani pa zina zonsezo.