Golide ndi bitikoini pa mwezi wa mantha

Anthu okonda bitikoini amaitcha golide wa pa kompyuta, chifukwa chiwerengero chake sichidzapitirira mamiliyoni 21. Ine ndimakonda kuyesa mawu amenewa ndi zomwe zinachitika mu Malichi 2020, mliri wa korona utagwedeza misika yonse.

Pa 12 Malichi, bitikoini imodzi inali pafupifupi madola 7,900. Pofika tsiku lotsatira inali itatsikira pansi pa madola 4,000. Theka la chuma cha munthu linapita asanapeze n'komwe mpata woganiza. Ambiri anali atagula ndi ndalama zangongole, ndipo mtengo utayamba kutsika, misika ya pa intaneti inawagulitsira yokha katundu wawo kuti ngongole zibwezedwe. Kugulitsa kumeneko kunagwetsanso mtengo, ena n'kugwera m'dzenje lomwelo.

Golide nayenso anatsika, musanamizidwe. Anachoka pa madola pafupifupi 1,680 pa aunsi kufika cha m'ma 1,470 m'masiku ochepa, chifukwa anthu ofuna madola mwachangu amagulitsa chimene chili ndi ogula. Koma kutsika kwake kunali kochepa, ndipo pofika Ogasiti anali atadutsa madola 2,000.

Zoona, bitikoini inadzakwera kwambiri chaka chisanathe, kuposa golide kutalitali. Komatu wosunga chuma sasankha tsiku limene mavuto amugwere. Amene anafuna ndalama zake pa 13 Malichi anagulitsa pa theka la mtengo. Golide ali ndi ogula osathamanga, monga mabanki aakulu a mayiko, omwe mu 2022 anagula matani oposa 1,000, chaka chomwe bitikoini inataya magawo oposa 60 pa 100 a mtengo wake.