Linki yokha si umboni

Vidiyo yoyamba kuikidwa pa YouTube ndi ya masekondi 19 okha. Jawed Karim, mmodzi mwa anthu atatu amene anayambitsa tsambali, waima pafupi ndi njovu kumalo osungirako nyama ku San Diego, ndipo akungonena kuti njovuzo zili ndi zitamba zazitali. Basi. Palibe amene angatchule vidiyoyi pofuna kuphunzitsa anthu za njovu. Koma ofufuza mbiri ya intaneti amaitchula kawirikawiri, chifukwa kwa iwo vidiyoyo ndiyo chinthu chenicheni chimene akuchifufuza.

Apa pali kusiyana kumene ophunzira ambiri a m'makoleji sakuona msanga. Ukatchula buku la katswiri, ukuuza owerenga kuti mfundo yako ili ndi pogwira. Ukatchula positi ya pa Facebook, vidiyo ya pa TikTok kapena podikasiti imene ukuifufuza, sukunena kuti zolankhulidwamo n'zoona. Mwina ndi bodza lamkunkhuniza, ndipo bodzalo ndilo ukufuna kulimvetsa. Chimene ukulonjeza ndi chakuti: ichi ndinachionadi, pamalo pakuti, tsiku lakuti, chili chonchi. Ntchito yake ikufanana ndi ya mlangizi wa zaulimi amene watapa dothi m'munda kuti akalipime. Dothi la m'kathumba lopanda chizindikiro cha munda ndi tsiku limene analitapa ndi dothi chabe, silingauze munthu kanthu.

Malamulo a kalembedwe alipo. Buku la APA, limene makoleji ambiri amatsatira, linatulukanso kachisanu ndi chiwiri mu 2019, ndipo limanena momveka za masamba a mchezo. Vidiyo ya njovu ija mungailembe motere:

```
jawed. (2005, April 23). Me at the zoo [Video]. YouTube.
https://www.youtube.com/watch?v=jNQXAC9IVRw
```

Zonse zikuoneka kuti zili m'malo: dzina la akaunti monga momwe mwiniwake analilembera, tsiku, mutu, mtundu wa chinthucho, tsamba, ndi linki. Tiyeni tiiyese mizere iwiriyi tione pamene ikuthera mphamvu.

Tiyambe ndi tsiku. Karim anaika vidiyoyi usiku wa pa 23 Epulo 2005 ku California. Nthawi imeneyo kuno ku Malawi kunali mbandakucha wa pa 24 Epulo. N'chifukwa chake mupeza ena alemba 23, ena 24, ndipo palibe wanama. Pa vidiyo ya njovu tsiku limodzi silipweteka munthu. Koma ngati mukufufuza kuti mphekesera inayake inayamba liti, chisankho chisanachitike kapena chitachitika, maola awiri okha angatembenuze nkhani yonse. Masamba ambiri amakuonetsani nthawi molingana ndi wotchi ya foni yanu, ena amangoti "3 h" kapena "2 d". Wofufuza wosamala amatsegula positiyo payokha, n'kulemba ola lenileni, n'kunenanso kuti ndi nthawi ya dziko liti.

Vuto lachiwiri n'lalikulu kuposa pamenepo. Mawu ofotokozera amene ali pansi pa vidiyo ya Karim akhala akusinthidwa. Mu 2013 panalembedwa mawu odandaula kuti anthu akukakamizidwa kukhala ndi akaunti ya Google+ kuti athe kuyikapo ndemanga. Mu 2021 panabwera ena otsutsa zoti YouTube yabisa chiwerengero cha anthu osakondwa ndi vidiyo. Linki ndi yomweyo, zilembo 11 za kumapeto kwake sizinasinthe, koma munthu amene anatsegula tsambali mu 2013 ndi amene anatsegula mu 2021 sanawerenge zofanana. Buku likasindikizidwanso limalembedwa chaka chatsopano. Tsamba la pa intaneti limasintha mwakachetechete. YouTube imalola mwini vidiyo kudulako mbali ina linki osasintha, positi ya pa Facebook imakonzedwa, ndemanga zimafufutidwa, ndipo ziwerengero za oonera zimakwera usana ndi usiku. Choncho ukalemba kuti vidiyo inaonedwa ndi anthu akutiakuti popanda tsiku limene unawerenga, sunanene chilichonse. APA imafuna tsiku loonera pa masamba osinthasintha okha, monga tsamba lalikulu la akaunti. Ine ndikuona kuti chinthucho chikakhala ndicho mutu wa kafukufuku, tsiku loonera lizilembedwa pa chilichonse, lamulo litero kapena lisatero.

Kenaka pali kusowa kumene. Bungwe la Pew Research Center linapeza mu 2024 kuti masamba 38 mwa 100 alionse amene analipo mu 2013 anali osapezekanso patatha zaka khumi. Linapezanso kuti pafupifupi positi imodzi mwa zisanu za pa Twitter inali itasiya kuoneka patangopita miyezi yochepa. Nthawi zina limatha ndi tsamba lonse: Vine inatsekedwa mu 2017, Google+ mu 2019. Twitter yeniyeniyo inasintha dzina kukhala X mu Julayi 2023, moti wofufuza mapositi a mu 2019 amachita bwino kutchula dzina limene tsambalo linali nalo panthawiyo, n'kufotokoza kamodzi za kusinthako.

Ndiye ntchito yotchula gwero imayamba tsiku loona chinthucho, osati sabata yopereka pepala kwa aphunzitsi. Choyamba tengani linki ya positi yeniyeniyo, osati ya tsamba lalikulu la mwiniwake. Kenaka pitani pa Wayback Machine ya bungwe la Internet Archive, ikani linkiyo pa bokosi lolembedwa Save Page Now, ndipo mupatsidwa linki ina yokhala ndi tsiku ndi ola. Imeneyo ilembeni pambali pa yoyamba ija. Koma itseguleni kaye muone chimene chasungidwa. Masamba ofuna kuti munthu alowe ndi akaunti, monga Facebook ndi Instagram, nthawi zambiri amangosungitsa chitseko chotseka, ndipo tsamba la vidiyo likhoza kusungidwa vidiyo yake osaseweranso. Zikatero dalirani kope lanu: sikirinishoti yoonetsa dzina, tsiku ndi linki pamodzi, vidiyo kapena mawu osungidwa pa kompyuta, ndi kaundula wosavuta wonena kuti fayilo iliyonse inachokera kuti ndipo munaitenga liti. Sikirinishoti payokha ndi umboni wofooka, poti mwana wa sukulu aliyense wodziwa foni akhoza kupanga yabodza. Imalimba ikatsagana ndi zinazo.

Podikasiti ili ndi msampha wake. Potchula mawu olankhulidwa timalemba mphindi ndi sekondi m'malo mwa nambala ya tsamba, mwachitsanzo 14:32. Koma mapodikasiti ambiri amalowetsa malonda panthawi imene munthu akumvera, molingana ndi dziko limene ali. Womvera ku Zomba akhoza kusamva malonda alionse, pamene wa ku Manchester wamva a mphindi ziwiri koyambirira. Akapita pa 14:32 apeza nkhani ina, n'kuyamba kukukayikirani. Chizindikiro chake n'chosavuta kuona: kutalika kwa gawo lomwelo kumasiyana pa mafoni awiri. Mankhwala ake ndi kulemba nambala kapena mutu wa gawolo, kumene munamvera, kutalika kwa fayilo yanu, ndi mawu oyambirira a chiganizo chimene mukutchula. Nenaninso amene akulankhula, chifukwa mndandanda wa magwero umatchula wotsogolera pulogalamu pamene mawuwo mwina ndi a mlendo.

Funso la mwini chinthu limavuta kwambiri kwathu kuno, kumene zambiri zimayenda pa WhatsApp. Tiyerekeze wophunzira akufufuza mavidiyo amene anthu ankatumizirana namondwe wa Freddy atagwetsa matope kuchokera m'phiri la Soche kupita ku Chilobwe mu Malichi 2023. Vidiyo waipeza pa tsamba lina la Facebook. Mwa lamulo la APA, amene anaika vidiyoyo ndiye amalembedwa pamalo a mwini, kuti owerenga athe kuipeza. Komatu woika si wojambula. Mwina tsambalo linaitenga pa gulu la WhatsApp, kumene inafika italembedwa kale kuti "Forwarded many times", zizindikiro za foni imene inajambula zitafufutika m'njira. Pa ngozi ngati izi pamalowereranso mavidiyo akale kapena a kumayiko ena. Mzere wa gwero sungathe kunyamula zonsezi, choncho zimalowa m'nkhani momwemo: wophunzirayo alembe kuti vidiyoyi inaikidwa ndi tsamba lakuti tsiku lakuti, wojambula sakudziwika, ndipo malowo anawatsimikiza poona mapiri kapena nyumba zooneka m'vidiyomo, ngati anaterodi. Uthenga wa mawu wa pa WhatsApp ulibe n'komwe linki. Umenewo amaupatsa nambala m'kaundula wake, n'kufotokoza mmene unamufikira.

Mawu a positi asakonzedwe. APA imati mawu 20 oyambirira a positi ndiwo amakhala mutu wake, ndipo alembedwe monga alili, zilembo zolakwika, mahashitagi ndi tizithunzi ta nkhope zoseka zonse zikhalemo. Kwa wofufuza chiyankhulo ichi ndi chuma. Munthu akalemba Chichewa chosakaniza ndi Chingerezi, kudula mawu, kuika "l" pamene buku likanaika "r", mukamukonzera mwataya chinthu chimene munapita kukafufuza. Kumasulira kubwere pambali, koonekeratu kuti n'kwanu.

Tsono pali pamene kutchula bwino gwero kumasanduka kuvulaza munthu. Nduna, chipani, wailesi kapena woimba wotchuka akalemba poyera, atchuleni ndi dzina ndi linki, pakuti analankhula kuti dziko limve. Koma mayi amene anangoikapo ndemanga yaukali pansi pa positi, kapena membala wa gulu la WhatsApp la mpingo, sanaganizepo zoti adzapezeka m'buku la ku yunivesite. Kuno anthu amangidwapo chifukwa cha zolemba pa masamba a mchezo, pogwiritsa ntchito lamulo la mu 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security Act. Kuchotsa dzina kokha sikukwanira, chifukwa munthu akakopera chiganizocho n'kuchisaka pa intaneti, mwiniwake amatulukira. Bungwe la Association of Internet Researchers, m'malangizo ake a mu 2019, limachenjeza za ngozi yomweyi.

Njira imene ofufuza amatsata pamenepa ndi kugawa zinthuzo pawiri. Zochepa zimene akuzisanthula mozama, za anthu odziwika kapena za amene avomera, zimatchulidwa mokwanira. Zina zonse, kaya ndi ndemanga 500, sizilowa m'ndandanda wa magwero imodziimodzi. Zimafotokozedwa pamodzi m'gawo lonena za njira ya kafukufuku: tsamba liti, mawu ati osakira, kuyambira tsiku liti kufika liti, zingati zinapezeka, zingati zinatayidwa ndipo chifukwa chiyani. Ndemanga iliyonse imapatsidwa nambala, mawu ake amanenedwa mwa njira ina ndipo wolemba amaulula kuti watero. Kaundula wolumikiza nambala ndi linki yeniyeni amakhala pamalo otsekedwa, ndipo amene angamuone ndi mphunzitsi woyang'anira kafukufukuyo kapena woyesa mayeso akapempha.