Kaziro, kandodo ndi phazi la khwangwala: kuwerenga pulani ya detabesi ya sukulu

Asanamange detabesi yosunga mbiri ya ophunzira, katswiri wa makompyuta amajambula kaye pulani yotchedwa ERD n'kuipereka kwa ahedi. Papepalapo pamakhala mabokosi olembedwa KALASI, WOPHUNZIRA, PHUNZIRO, ndi mizere yowalumikiza. Mabokosiwo savuta. Malamulo enieni a sukulu abisala m'tizizindikiro ta kumapeto kwa mizere, ndipo ahedi asasayine asanatimvetse.

Tizizindikiroti tilipo titatu. Kaziro ndiye kuti palibe, kandodo kopingasa ndiye kuti mmodzi, ndipo mzere wogawika patatu ngati zala za mbalame, lomwe ndi phazi la khwangwala, ndiye kuti ambiri. Phazili analiyambitsa Gordon Everest mu 1976. Kumapeto kulikonse kumakhala tiwiri: kogundana ndi bokosi kamanena malire a kuchuluka, kakumbuyo kwake kamanena pochepetsetsa.

```
KALASI ||------O< WOPHUNZIRA
```

Ikani chala pa bokosi la WOPHUNZIRA, mutsate mzere mpaka tsidya linalo, muwerenge zomwe zili kumeneko. Mwapeza tindodo tiwiri: wophunzira aliyense ali m'kalasi imodzi, osachepera, osapitirira. Tsopano yambirani pa KALASI. Kutsidya kuli kaziro ndi phazi: kalasi itha kukhala yopanda mwana, ithanso kukhala ndi ana ambiri. Ongoyamba kumene amawerenga chizindikiro chomwe chili pafupi ndi poyambira, n'kumva kuti mwana mmodzi ali m'makalasi ambiri. Chiganizo chikatuluka chopanda nzeru chonchi, dziwani kuti mwawerengera mbali yolakwika.

Tindodo tiwiri tija tili ndi mano. Katswiri akatiwona amaika danga la `kalasi_id` mu tebulo la ophunzira n'kulilemba `NOT NULL`, kutanthauza kuti silingasiyidwe lopanda kanthu. Ndiye tsiku lotsegulira teremu, ana a Fomu 1 afika ndi makolo awo koma sanagawidwe kuti uyu 1A, uyu 1B. Kalaliki alemba dzina, kompyuta ikana kusunga. Kawirikawiri amangoponya onse mu 1A kuti mzere uyende, kaundula n'kuyamba kunama tsiku lomwelo. Ngati sukulu imalemba ana isanawagawe, kandodo kakumbuyo kasinthidwe kakhale kaziro: `KALASI |O`. Ameneyu ndi mlandu wa ahedi, chifukwa katswiri sadziwa mmene sukuluyo imalandirira ana.

Mukaona phazi mbali zonse ziwiri, monga pakati pa WOPHUNZIRA ndi PHUNZIRO, funsani kuti malikisi akhala pati. Mwana akapeza 64 pa masamu, nambalayo singakhale m'bokosi la mwana, poti iye amalemba maphunziro ambiri, komanso singakhale m'bokosi la masamu, poti olemba masamu ndi ambiri. Pafunika bokosi lachitatu pakati, tinene MALIKISI, losunga mwana, phunziro, chaka ndi teremu, ndipo mapazi onse awiri atembenukire kwa ilo. Teremu ikaiwalika pamenepo, malikisi a teremu yachiwiri adzasowa pokhala pokhapokha atafufuta a teremu yoyamba.