Kodi n'zoona kuti ubongo wathu wambiri umangogona?

Ndikamaphunzitsa aphunzitsi a sukulu za akuluakulu kuno ku Lichinga, pali mafunso okhudza ubongo amene salephera kubwera. Mwina nanunso munawamvapo pa wailesi kapena pamsika wa Chiuaula.

Akuti munthu amagwiritsa ntchito magawo 10 okha pa magawo 100 a ubongo wake. Zoona?

Iyayi, si zoona. Ubongo wa munthu wamkulu umalemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi magalamu 400. Kwa munthu wa makilogalamu 70, amenewo ndi magawo 2 okha pa 100 a thupi lake. Koma kachiwalo kameneka kamadya pafupifupi magawo 20 pa 100 a mphamvu zimene thupi limagwiritsa ntchito munthu atangokhala phee. Tinene kuti pa mitanda isanu ya nsima, umodzi ndi wa ubongo. Kodi inu mungamadyetse aganyu khumi chonsecho wolima ndi mmodzi yekha? Nalonso thupi silichita zimenezo.

Umboni wina mumauona kumudzi kwanu komwe. Munthu akachita sitiroko, matenda amene kuchipatala kuno amati AVC, kamtsempha ka magazi kamatsekeka kapena kuphulika, ndipo mbali ina ya ubongo imafa. Ngakhale malowo akhale aang'ono, mkono utha kuzizira, pakamwa kupotoka, kapena mawu kusowa. Mu 1861, dokotala wina wa ku Paris, Paul Broca, anaona wodwala amene ankamva zimene anthu akunena koma iye ankangotha kutchula liwu limodzi lakuti "tan". Atamwalira, Broca anapeza kuti malo ena akumanzere, chakutsogolo kwa ubongo wake, anali atawonongeka. Zikanakhala kuti magawo 90 ndi ongokhala, ambiri odwala sitiroko bwenzi akudzuka ngati palibe chachitika. Makina ojambula ubongo a masiku ano akuonetsanso kuti palibe mbali yomwe imakhala chete tsiku lonse, ngakhale munthu ali m'tulo.

Nanga ubongo wonse utagwira ntchito nthawi imodzi, sitingakhale anzeru zedi?

Ubongo uli ngati gulu la ovina: ena amalowa m'bwalo, ena akudikira nthawi yawo. Maselo ambirimbiri akatumiza mauthenga nthawi imodzi mosalekana, munthu amagwa n'kuyamba kuphupha. Ndi zimene zimachitika pa khunyu. Pamenepa ndiwonjezepo, poti bodza ili limapha anthu: khunyu sipatsirana kudzera m'malovu kapena pomugwira wodwala. Muchotseni pafupi ndi moto kapena madzi, mugonekeni chammbali, ndipo musamuike supuni kapena chala m'kamwa. Kuphupha kukapitirira mphindi 5, thamangirani naye kuchipatala.

Ena amati pali anthu a "ubongo wakumanzere" odziwa masamu, ndi a "wakumanja" odziwa kuimba.

Chowona n'chakuti mbali yakumanzere imayendetsa dzanja lamanja, ndipo kwa anthu ambiri ndi imene imasenza kwambiri ntchito ya chilankhulo. Koma mbali ziwirizi n'zolumikizana. Mukamawerengera chenji cha nyemba, zonse zili pantchito.

Ine ndakalamba, mutu unauma. Ndingaphunzirenso kuwerenga?

Funso ili ndi limene limandiwawa, chifukwa lachotsa azimayi ndi azibambo ambiri m'kalasi. Mu 2010, Stanislas Dehaene ndi anzake anafalitsa kafukufuku wa anthu 63 a ku Brazil ndi ku Portugal. Mwa iwo, 10 sankadziwa kuwerenga, 22 anaphunzira atakula kale, ndipo 31 anaphunzira ali ana. Atawajambula ubongo akuyang'ana mawu olembedwa, anapeza kuti mwa anthu ophunzira atakula, malo ozindikira zilembo, chakumbuyo kumanzere, anali atayamba kugwira ntchitoyi monga mwa anzawo ophunzira ali ana, ngakhale kuti mphamvu yake inkatengera luso la munthu powerenga. Sindikubisirani: ambiri ophunzira atakula amawerenga pang'onopang'ono, ndipo akaleka nthawi yokolola, zina zimathawa.

Mukamasokoneza b ndi d, musati ndi ukalamba. Ana nawonso amatero. Chibadwire, ubongo wanu unazolowera kuti khasu ndi khasu basi, kaya mpini waloza kumanja kapena kumanzere. Tsono zilembo zikukuuzani kuti kutembenuka n'kusintha: "bala" si "dala". Ine ndimauza ophunzira kuti alembe chilembocho ndi chala pamchenga uku akuchitchula mokweza. Pa b, yambani ndi ndodo, mimba ibwere pambuyo. Pa d, yambani ndi mimba, ndodo itsatire. Chitani zimenezi mphindi zochepa tsiku lililonse, osati kudikira Loweruka kuti muchite zonse pakamodzi.